Momwe mungaphunzitsire achinyamata kupanga bajeti ya ndalama ya pamwezi ndi tebulo la mizere isanu

Phunziroli limafuna mwezi wathunthu, chifukwa ndalama ya mwezi simungaiphunzitse pa tsiku limodzi. Muzikumana ndi ophunzira kamodzi pa sabata, kwa mphindi 40, ndipo chimene aliyense afunika ndi kope wamba, rula ndi cholembera. Pali anthu amene amayenda m'masukulu kugulitsa timabuku ta bajeti tamitundumitundu pa mtengo wokwera, ena amatsatsa mapulogalamu a pafoni amene amayamba aulere kenako n'kumafuna malipiro mwezi ndi mwezi. Asiyeni apite. Timabuku tambiri timeneti tili ndi mabokosi a lendi ndi inshuwalansi, zinthu zimene mwana wa zaka 15 salipira.

Musayambe ndi ndalama zenizeni za ophunzira. Wina amalandira zambiri, wina zochepa, wina salandira n'komwe, ndiye mukangofunsa pagulu kuti aliyense amapatsidwa zingati, ena atseka pakamwa mpaka phunziro lithe. Pa bolodi gwiritsani ntchito mwana wongopeka amene amalandira 1,000 pa mwezi. Nambalayi ndi yongothandiza kuwerengera. Ndalama zake zenizeni aliyense azilemba m'kope mwake, ndipo kopelo muziliona inu nokha. Amene salandira ya pamwezi alembe iliyonse imene yadutsa m'manja mwake.

Tsiku loyamba gawani 1,000 ija. Choyamba kuchotsa ndi yosunga, tinene 100, ndipo ichoke tsiku lomwelo imene ndalama yabwera, chifukwa yodikira kumapeto kwa mwezi sipezeka. Kenako chotsani zimene sizingalephereke. Ngati mwanayo amalipira 20 ya mayendedwe tsiku lililonse la sukulu, ndipo mweziwo uli ndi masiku a sukulu 20, ndiye kuti 400 ili ndi mwini wake kale. Iikidwe mu envulopu yakeyake. Yotsala ndi 500, ndipo iyi ndiyo ya zofuna za mtima wake.

Apa ophunzira onse amathamangira kugawa 500 ndi 4 n'kupeza 125 pa sabata. Koma masabata anayi ndi masiku 28 okha, pamene miyezi yonse kupatula Febuluwale ili ndi masiku 30 kapena 31. Masiku awiri kapena atatu omalizawo amam'peza mwana ali chimanjamanja. Ine ndimawauza kuti agawe ndi 5. Ikhala 100 pa sabata, nambala yosavuta kuisunga m'mutu, ndipo gawo lachisanulo limakwanira masiku otsalawo n'kusiyako ina.

Tsopano tebulo. Mizere yotsika ikhale isanu basi: tsiku, chimene chachitika, zolowa, zotuluka, zotsala. Sabata yoyamba ya mwana wathu uja ikhoza kuoneka chonchi:

| Tsiku | Chachitika | Zolowa | Zotuluka | Zotsala |
|---|---|---|---|---|
| 1 | Ndalama ya mwezi | 1,000 | | 1,000 |
| 1 | Yosunga | | 100 | 900 |
| 1 | Envulopu ya mayendedwe | | 400 | 500 |
| 2 | Chakudya cha pa buleki | | 30 | 470 |
| 3 | Mayunitsi a foni | | 50 | 420 |
| 5 | Cholembera | | 15 | 405 |

Pamene phunziroli linandikanikapo ndi pa kukumana kwachiwiri. Makope anabwera aukhondo, masamu onse olondola, moti ndinkaona ngati zonse zayenda. Nditafunsa mnyamata wina kuti ndalama imene ali nayo ikufanana ndi ya pa mzere womaliza, anangoseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, imeneyo ndi ya m'kope." Anali atalemba sabata yonse usiku wa dzulo lake, kuchokera m'mutu, ndipo anzake ambiri anachitanso chimodzimodzi. Tebulo lotere silisonyeza kumene ndalama yapita. Limangosonyeza zimene mwana wakumbukira, ndipo zimene amaiwala ndi zomwezo zimene zikum'dyera ndalama.

Choncho kukumana kwachiwiri konse kukhale kwa ntchito imodzi: kuyerekeza tebulo ndi thumba. Mwana awerenge ndalama imene ali nayo asanatsegule kope, alembe nambalayo pakapepala, kenako ayang'ane mzere womaliza. Dongosolo limeneli n'lofunika, chifukwa akayamba ndi kope amakonza nambala kuti zigwirizane. Tinene kuti tebulo likuti 405 koma m'thumba muli 360. Yasowa 45. Musam'funse kuti "wagula chiyani", chifukwa ayankha kuti palibe, ndipo mwina akunena zoona. M'funseni kuti ndalama inatuluka m'manja mwake kangati. Apa m'pamene amakumbukira kuti tsiku lachinayi anabwereka mnzake 30. Kwa iye imeneyo sinali yoti n'kulemba, poti idzabwera. Ilembedwe ku zotuluka, dzina la mnzakeyo lipite kutsamba lomaliza la kope, ndipo idzalowe ku zolowa tsiku limene yabwezedwadi, osati tsiku limene analonjeza.

Yatsala 15 imene sakuikumbukira ngakhale pang'ono. Musam'kakamize, apeka chinthu kuti akusangalatseni. Alembe mzere wakuti "sindikudziwa", 15 ku zotuluka, zotsala zikhale 360. Mzere umenewu ndi umene ndimauyang'ana kwambiri mwezi wonse. Ukamachepa sabata ndi sabata, ndiye kuti mwana wayamba kulemba tsiku lomwelo. Kope limene mzerewu sunaonekemo ngakhale kamodzi ndimalikayikira kuposa la zofufutafufuta, makamaka ngati inki ndi kalembedwe n'zofanana kuyambira tsiku loyamba mpaka lachisanu ndi chiwiri.

Amene amasunga ndalama pafoni ali ndi bowo lina. Kutumiza kapena kutapa ndalama nthawi zambiri kumakhala ndi kamalipiro kake, ndipo mwana amalemba mtengo wa chinthu chokha. Aziona uthenga umene umabwera akamaliza kulipira n'kukopera zotsala kuchokera pamenepo.

Nambala zikagwirizana, werengerani limodzi. Mwana uja anayenera kugwiritsa ntchito 100, koma yatuluka 140: 95 imene analemba, 30 ya ngongole ndi 15 yosadziwika. Palibe chifukwa chom'dzudzulira. Agawe 360 yotsalayo ndi magawo anayi amene atsala, apeza 90. Amaona yekha kuti 40 yopitirira ija yadula 10 pa sabata iliyonse ikubwerayo, ndipo zimenezi zimam'gwira mtima kuposa ulaliki wanu uliwonse.

Sabata yachitatu bwerezani kuyerekeza kuja, kenako aike chizindikiro pa mzere uliwonse, F pa chofunikadi ndi K pa chongokhumba. Pamakhala mkangano pa mayunitsi a foni, alekeni akangane. Ngati muli ndi makompyuta, tebulo lomweli likhoza kulowa mu Excel kapena Google Sheets. Zolowa zikakhala mu C, zotuluka mu D, zotsala mu E, lembani 1000 mu E2, ndipo mu E3 muike ichi n'kuchikokera pansi:

```
=E2+C3-D3
```

Koma musafulumire nazo, mwana ayambe wadziwa kuchotsera ndi dzanja.

Sabata yomaliza aphatikize ma F paokha, ma K paokha, "sindikudziwa" payekha, aone ngati 100 yosunga ija ikadalipo, ndipo alembe bajeti ya mwezi wamawa potengera nambala zimenezo. Pochonga, musapereke malikisi potengera ndalama imene mwana wasunga, chifukwa wopatsidwa zambiri apambana osavutika. Perekani pa kulemba tsiku ndi tsiku ndi pa kugwirizana kwa tebulo ndi thumba.