Momwe mungapezere √4.4 popanda kakyuleta pogwiritsa ntchito polinomiyo ya Taylor

Njirayi inatchuka ndi dzina la Brook Taylor, katswiri wa masamu wa ku Mangalande amene anaisindikiza mu 1715. Mumasankha malo amodzi pa girafu ya fankishoni yovuta, n'kumanga polinomiyo yofanana nayo pamalopo kutalika, kupendekeka ndi kupindika komwe. Ine ndimaikonda chifukwa sitepe iliyonse mungathe kuitsimikizira ndi pensulo.

Yambani ndi kusankha malo. Fankishoni yathu ndi f(x) = √x, ndipo pafupi ndi 4.4 pali 4, amene sikweya ruti yake ndi 2. Choncho a = 4, mtunda wotsala h = 0.4.

Kenako pezani maderivativi. Yoyamba ndi 1/(2√x), yomwe pa 4 ikupereka 1/4. Kumeneku ndiye kupendekeka kwa girafu. Yachiwiri ndi −1/(4x√x), pa 4 ikupereka −1/32. Chizindikiro chochotseracho chikutiuza kuti girafu ikukwera inde, koma ikuweramira pansi.

Tsopano ikani zonse mu fomula iyi:

```
P(h) = f(a) + f′(a)h + f″(a)h²/2
```

Zigawo ziwiri zoyamba zikupereka 2 + 0.1 = 2.1. Umenewu ndi mzere wowongoka umene wangokhudza girafu pa 4. Chulukitsani 2.1 ndi 2.1, mupeza 4.41. Tapitirira pang'ono, ndipo mpake, poti mzere wowongoka sudziwa zoti girafu yawerama.

Gawo lachitatu ndilo likonza zimenezo: −1/32 kuchulukitsa ndi 0.16, kugawa ndi 2, ndi −0.0025. Yankho likhala 2.0975, pomwe lenileni ndi pafupifupi 2.09762.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa: amaiwala kugawa ndi 2. Musangomuloweza 2 ameneyu, mumvetseni. Mukatenga derivativi ya h² kawiri mumapeza 2, ndiye mukapanda kugawa, polinomiyo yanu ipindika kawiri kuposa girafu. Mupeza 2.095, yemwe sikweya yake ndi 4.389, kuperewera kwambiri kuposa mmene 4.41 anapitirira. Pa h³ mumagawa ndi 6, pa h⁴ ndi 24, pa chifukwa chomwecho.

Kuti mudziwe kuti mwaphonya motani, werengerani gawo lotsatira. Derivativi yachitatu pa 4 ndi 3/256. Kugawa ndi 6 kukupereka 1/512, kuchulukitsa ndi h³, amene ndi 0.064, kukupereka 0.000125. Kusiyana kwenikweni ndi pafupifupi 0.00012.

Koma musatalikire malo anu. Yesani √9 kuchokera pa 4 pomwepo: h = 5, ndipo mupeza 2.859 m'malo mwa 3. Kuwonjezera zigawo sikuthandiza, chifukwa pa fankishoni iyi h akangoposa 4, ndiwo mtunda wochokera pa 4 kufika pa 0 pamene derivativi palibe, zigawo zimadzayamba kukula m'malo mochepa. Mukafuna √10, yambirani pa 9.