Momwe mungalembere uthenga wotsatsa inshuwalansi ya maliro mosaopseza anthu

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa ntchito yolemba kapepala kotsatsa inshuwalansi ya maliro, koti kagawidwe ku Mabvuku, Tafara ndi Mufakose mu mzinda wa Harare. Mawu amene mwayamba nawo ndi awa: "Imfa sipangana! Musasiyire ana anu ngongole. Lowani lero!"

Choyamba, fufutani chiopsezocho. Kapepalaka kadzafika m'manja mwa mayi amene aika amuna awo ku manda a Granville sabata yatha, kapena amene akudwazika matenda m'nyumba. Kuwauza za ngongole kuli ngati kuwaimba mlandu. Chotsaninso zizindikiro zofuula, chithunzi cha bokosi ndi mawu okakamiza ngati "fulumirani".

Kenako lankhulani monga mmene mungalankhulire pasiwa. Wowerenga ndi "inu". Lembani "malemu", "anamfedwa", "akatisiya", ndipo nenani "thupi" m'malo mwa "mtembo". Koma ulemu usafike pobisa nkhani: mawu akuti "maliro" aoneke mu mzere woyamba.

Gawo lachitatu ndilo lalikulu, ndipo olemba ambiri amalithawa. Anthu a mu Harare anaona ndalama zimene anasonkha kwa zaka zikutha mphamvu mu 2008, ndiye kungowauza kuti "musadandaule" sikungawakhazike mtima pansi. Akufuna kudziwa ngati azilipira madola a ku America kapena ZiG, ndalama ya Zimbabwe, komanso chimene adzalandire patsikulo: bokosi, galimoto yonyamula thupi, basi ya operekeza, tenti. Kwa ife amene kwathu ndi ku Malawi pali funso linanso: kodi thupi lidzanyamulidwa kudutsa Nyamapanda ndi Tete mpaka kumudzi, kapena thandizo limathera m'Zimbabwe momwemuno? Liyankheni, ngakhale yankho lake likhale loti ayi.

Malire musawaike m'tizilembo tating'ono kumapeto. Nenani miyezi yodikira thandizo lisanayambe, zaka za makolo amene angalembetsedwe, ndi chimene chimachitika munthu akaphonya kulipira. Banja likamva izi koyamba thupi lili kumotchale, mawu anu okoma aja amasanduka bodza. Ngati kampaniyo ndi yolembetsedwa ku IPEC, bungwe loyang'anira inshuwalansi ndi penshoni ku Zimbabwe, lembani zimenezo.

Tsono uthenga uja, malinga ndi zimene mgwirizano wake ukunenadi, ungamveke chonchi: "Maliro akagwa, banja lanu lisakhale lokha. Tidzanyamula thupi, kupereka bokosi ndi basi ya operekeza. Thandizo limayamba mukalipira miyezi 6, kupatula imfa ya ngozi. Ulendo wa ku Malawi uli ndi mtengo wapadera. Tiimbireni kuti tikufotokozereni, kenako mukambirane ndi abale musanasankhe."

Musanasindikize, awerengereni mokweza akuluakulu a sosaite ya maliro kapena amayi a mvano, kenako muwafunse kuti athandizidwa chiyani ndipo kuyambira liti. Akalephera kuyankha, mwazungulira. Pomwe akwinya nkhope, chiganizocho chilembedwenso.