Momwe mungalembere kasitomala kalata yopepesa katundu akachedwa

Tsiku lomwe munalonjeza lafika, katundu sanathe, ndipo foni ikangolira mtima ukuti phwii. Ambiri zikatere amathamangira kulemba "pepani kwambiri" kasanu m'kalata imodzi. Koma munthu amene akudikira katundu wake amawerenga kalatayo akufunafuna chinthu chimodzi: nanga abwera liti? Choncho ntchito yaikulu ya kalata yopepesa imachitika musanagwire cholembera.

Tiyerekeze kuti muli ndi malo okhomera mipando. Sukulu ina inaoda madesiki 120, ndipo munagwirizana kuti afike Lachisanu pa 14 Malichi. Lachisanulo lakwana, madesiki okonzeka ndi 70 okha. Enawo matabwa ake ali mbwee pansi, chifukwa miyendo yachitsulo imene munaoda kwina sinabwere.

Choyamba, werengerani tsiku latsopano

Apa m'pamene anthu amagwa kachiwiri. Manyazi amakukankhani kutchula tsiku lapafupi kuti kasitomala aleke kukwiya, kenako tsikulo nalonso mumaliphonya. Kuchedwa koyamba munthu amakhululuka. Kwachiwiri amayamba kufunsa anzake komwe angapeze mmisiri wina.

Ndiye khalani pansi ndi amene amayang'anira ntchito, muwerengere limodzi. Wogulitsa zitsulo watsimikiza, polemba osati pakamwa pokha, kuti miyendo ifika Lolemba pa 17. Anyamata anu amamaliza madesiki 10 pa tsiku, ndipo atsala ndi 50. Amenewo ndi masiku asanu ogwira ntchito: kuyambira Lachiwiri pa 18 mpaka Lachisanu pa 21 atha 40, otsalawo Lolemba pa 24. Vanishi ayenera kuuma, ndiye Lachiwiri pa 25 lapita. Galimoto inyamula Lachitatu pa 26. Inu m'kalata mulembe Lachinayi pa 27. Tsiku limodzi lowonjezeralo ndi lanu, la tayala lophulika kapena mmisiri amene wadwala. Mukafikitsa pa 26, kasitomala adzaona kuti mwafulumira.

Onaninso chomwe mungapereke pompano. Madesiki 70 aja alibe chifukwa chokhalira m'shedi kudikira anzawo. Kunena zoona, anayenera kupita Lachisanu lomwelo, ndipo foni inayenera kuimbidwa tsiku lomwe munadziwa kuti zitsulo zichedwa. Izo zapita, koma musazibise.

Chachiwiri, tsegulani pangano lomwe munasainirana

Mapangano ena amanena chilango cha kuchedwa, mwachitsanzo kuchotsera gawo la mtengo pa sabata iliyonse imene yadutsa. Ngati mawu otere alimo, kalata yanu igwirizane nawo. Kalata imasungidwa m'faelo, ndipo mkangano ukadzabuka idzatulutsidwa ngati umboni. N'chifukwa chake simuyenera kulemba mawu otakata ngati "tidzalipira chilichonse chimene mwataya". Vomerani kuti mwachedwa, poti ndi zoona, koma lonjezani zokhazo zimene mwaziwerengera mtengo wake ndipo mungazikwanitse. Ngati oda ndi yaikulu ndipo chilango chake ndi chowawa, loya ayambe waiona kalatayo.

Chachitatu, imbani foni kaye

Nkhani yoipa isamupeze munthu papepala. Imbani, nenani mwachidule, kenako funsani kuti kuchedwaku kwasokoneza chiyani kwa iwo. Mwina mphunzitsi wamkulu akuuzani kuti makalasi awiri ndiwo ali pamavuto kwambiri, ndipo madesiki 70 aja akwanira kumeneko. Zimene mwamva pafoni ndizo zikonze dongosolo lanu. Kalata itsatire tsiku lomwelo.

Chachinayi, lembani

Tsamba limodzi ndi lokwanira. Nayi ya nkhani yathuyi:

*Kwa Mphunzitsi Wamkulu,*

*KUCHEDWA KWA MADESIKI 120, ODA NAMBALA 46*

*Tinalonjeza kubweretsa madesiki 120 Lachisanu pa 14 Malichi, ndipo sitinakwanitse. Pepani kwambiri. Tikudziwa kuti ana a makalasi awiri akupanikizana pamadesiki akale chifukwa cha kuchedwa kwathu.*

*Miyendo yachitsulo ya madesiki 50 sinafike nthawi yake. Tinalakwa posakudziwitsani msanga titangoona vutoli.*

*Monga tinakambirana pafoni lero, madesiki 70 omwe atha tibweretsa Lolemba pa 17 Malichi isanakwane 10 koloko m'mawa. Otsala 50 afika pasanadutse Lachinayi pa 27 Malichi. Maulendo onse awiri tilipira ife. Lachisanu pa 21 ndidzakuimbirani ndekha kukuuzani kuchuluka kwa omwe atha. Pakutha pa tsikulo ayenera kukhala 40 mwa 50 otsalawo.*

*Ngati dongosololi silikukomerani, chonde ndiuzeni pofika Lolemba kuti tikonze mwina.*

*Ine wanu,*
*Mkulu woyang'anira ntchito*

Pansi pake ikani dzina lanu ndi nambala imene mumayankha nokha.

Taonani pomwe "pepani" ali: koyambirira, kamodzi, atangotha kunena cholakwacho. Palibe "ngati takukhumudwitsani". Kamawu koti "ngati" kameneka kamaononga kupepesa konse, chifukwa kamamveka ngati mukukayika kuti munthuyo wavutikadi. Palibenso "koma" pambuyo pa pepani.

Chifukwa cha kuchedwa chatenga mizere iwiri basi. Ndimaona makalata ambiri akutha theka la tsamba kudandaula za wogulitsa zitsulo, dalaivala, mvula, magetsi. Kasitomala sanapangane ndi wogulitsa zitsulo wanu, anapangana ndi inu, ndipo amene anamusankha wogulitsayo ndinu. Nenani chomwe chinachitika kuti asaganize kuti ndalama yake munadya, kenako pitirirani. Ndipo musapeke chifukwa. Mukanama kuti makina anaonongeka, tsiku lina mnyamata wanu potsitsa katundu adzaulula zoona osadziwa.

Mtima wa kalatayi ndi ndime yachitatu. Pafupifupi chiganizo chilichonse m'menemo chili ndi nambala, tsiku, ndi amene achite. Mukafuna kuyesa kalata yanu, fufuzani mawu monga "posachedwapa", "tiyesetsa" ndi "zikangotheka". Paliponse pomwe mwawapeza, ndiye kuti pamenepo simunawerengere, bwererani ku sitepe yoyamba. Tsiku la pa 21 lija lili ndi ntchito yake: likumupatsa kasitomala poyezera. Akamva kuti atha 40, mtima ukhala pansi. Akamva 25, nonse mudziwa kudakali nthawi kuti pa 27 pavuta, ndipo mutha kuwonjezera amisiri kapena kugwira Loweruka.

Za kutsitsa mtengo, musathamangire. Nthawi zambiri kulipira mayendedwe a ulendo wachiwiri, womwe wabwera chifukwa cha inu, kumakwanira. Ngati pangano likunena za kuchotsera, lembani kuchuluka kwake ndi kuti zidzaoneka pa invoisi yomaliza.

Chachisanu, tumizani ndi kusunga mawu anu

Asaine ndi munthu amene ali ndi mphamvu yolamula galimoto ndi amisiri, osati kalaliki amene sangasinthe kanthu. Tumizani pa imelo kuti tsiku ndi nthawi zioneke, ndipo kalata yosainidwa ipite ndi madesiki 70 aja Lolemba. Pemphani kuti ayankhe povomereza tsiku latsopanolo, ngakhale ndi mzere umodzi, musunge yankholo pamodzi ndi pangano. Kope ina ipachikeni pakhoma pomwe amisiri amagwirira ntchito, kuti naonso adziwe zomwe zalonjezedwa m'dzina lawo. Lachisanu pa 21 likakwana, werengani madesiki ndi maso anu, kenako imbani foni ntchito ya tsikulo ikangotha, asanakuimbireni iwo.