Kolorini m'chidebe: matope amadya kaye, kenako nthawi igwire ntchito

Mvula ikagwa mwamphamvu kuno ku Zomba, madzi a mu Likangala amafiira, ndipo zitsime zosatetezedwa za kumunsi, cha ku Kachulu, zimalowa matope. Amayi ambiri amathirabe kolorini pa mlingo womwe amathira m'madzi a pamjigo, n'kumwetsa ana nthawi yomweyo. Pamenepa pali zolakwika ziwiri, ndipo zonse zimatsegulira kolera khomo.

Kolorini akalowa m'madzi sasankha kuti ichi n'kachilombo, ichi n'chinyalala. Amalimbana ndi chilichonse chimene wapeza: dothi, masamba oola, ndowe, dzimbiri. Pochita zimenezi amatha. Amene watsala madzi atadya gawo lawo ndiye amapha tizilombo. Komanso tizilombo timabisala m'timibulu ta dothi, momwe mankhwala amavutika kufika. N'chifukwa chake mlingo wa madzi oyera ndi mamiligalamu 2 pa lita, koma a mbuu amafuna kawiri, mamiligalamu 4.

Tiyeni tiwerenge ndi kolorini wosungunula kale wa 1 peresenti, uja amagawa alangizi a zaumoyo. Mililita imodzi ya mankhwalawa ili ndi mamiligalamu 10. Chidebe cha malita 20 cha madzi oyera chikufuna mamiligalamu 40, kutanthauza mamililita 4. Madzi a mbuu, mamililita 8. Yezani ndi sirinji yatsopano, osati kungotsanula ndi maso. Ngati muli ndi Wotagadi, tsatirani mlingo wolembedwa pabotolo, chifukwa mphamvu yake ndi yosiyana.

Kwa a komiti ya madzi amene ali ndi kachipangizo koyezera ndi mapiritsi a DPD 1, amene amasintha mtundu wa madzi ngati muli kolorini wotsala, pali njira yodziwira mlingo weniweni wa chitsime chanu. Tungani zidebe zinayi za malita 20 pa chitsime chimodzi. Thirani mamililita 2, 4, 6 ndi 8, takasani, vindikirani, dikirani mphindi 30. Tiyerekeze kuti poyeza, choyamba ndi chachiwiri sizikusintha mtundu, chachitatu chikuonetsa 0.2, chachinayi 0.6. Chomwe tikufuna ndi mamiligalamu 0.5 pa lita otsala pakatha mphindi 30, ndiye mlingo wa chitsimecho ndi mamililita 8. Taonani chidebe chachiwiri: chalandira mlingo womwe umakwanira pamjigo, koma mulibe kolorini wotsala ngakhale pang'ono. Mwini wake akanamwa ali ndi mtima m'malo. Mlingowu si wamuyaya ayi. Mvula ina ikagwa, yezaninso.

Tsopano za nthawi. Kolorini sapha ngati moto. Amafunika kuboola khungu la kachilombo, ndipo izi zimatenga kanthawi. Akatswiri amachulukitsa mankhwala otsala ndi mphindi zimene akhala m'madzi: 0.5 kwa mphindi 30 zimapereka 15. Mukamwa pakatha mphindi 5, mwangopeza 2.5. Nthawi imatha kuthandiza pamene mankhwala otsala achepa pang'ono, koma ngati atheratu, ngakhale mudikire mpaka mawa palibe chimene chikupha tizilombo.

Mphindi 30 zija n'za madzi oyera, osazizira kwambiri, a pH yosapitirira 8. pH ndi muyeso wa asidi m'madzi: ikakwera ndiye kuti asidi wachepa. Madzi a m'nyanja ya Chilwa ndi amchere ndipo pH yake ndi yokwera, choncho kolorini amafooka. Asodzi a pazimbowera, timisasa toyandama panyanjayi, ndi anthu a pa chilumba cha Chisi, inu dikirani ola lathunthu. Chimodzimodzi m'mawa wa mwezi wa Juni kumtunda kwa phiri, madzi akazizira mpaka kupweteka mano.

Langizo langa lalikulu n'lakuti musalimbane ndi matope powonjezera mankhwala okha. Ngati simukuona pansi pa chidebe, asiyeni madziwo adikhe usiku wonse, mutsanule apamwamba pang'onopang'ono kudzera pa chitenje choyera chopinda kangapo, ndiye muthire kolorini. Mukangothira wambiri m'matope, madzi amanunkha, ana amawakana n'kubwerera kumtsinje. Dziwaninso kuti tizilombo tina totsegula m'mimba, monga kiriputosiporidiyamu, sitifa ndi kolorini wa mlingo wakumwa. Pa madzi a mwana wakhanda kapena wodwala, kuwiritsa ndiye kodalirika.

Opanda choyezera, gwiritsani ntchito mphuno, ngakhale siyilondola kwenikweni. Pakatha mphindi 30 madzi azimveka kafungo ka kolorini pang'ono. Ngati palibe, thiraninso mlingo womwewo, mudikirenso mphindi zina 30. Zikachitika kawirikawiri m'madzi oyera, kaikirani mankhwala anu: kolorini wosungunula amasukuluka akakhalitsa, makamaka padzuwa kapena m'botolo losatseka bwino. Madzi okonzawo asungeni m'chigubu chapakamwa pang'ono kapena chidebe cha mpopi, chifukwa kapu yoviikamo ndi dzanja imadya kolorini wotsala uja, amene amayenera kukhalabe osachepera 0.2 pakatha tsiku limodzi.