Mwininyumba akangokhala chete denga likudontha: mmene mungamutsatirire

Mwatumiza mauthenga atatu pafoni kuti denga likudontha, onse akuoneka kuti anawerengedwa, koma yankho palibe. Musatumize wachinayi wofanana ndi oyambawo. Uthenga wakuti "denga lija bwanji?" ndi wosavuta kuunyalanyaza, chifukwa sunena chochita kapena tsiku. Chofunika tsopano ndi kalata imodzi yokhala ndi umboni komanso tsiku lomaliza.

Yambani ndi mgwirizano wa lendi ngati munasainirana. Onani amene ali ndi udindo wokonza denga, komanso amene muyenera kumuuza. Anthu ena amadandaula kwa wotolera lendi pomwe iye alibe mphamvu yotulutsa ndalama zokonzera nyumba. Zikatero, kalatayo ipite kwa onse awiri.

Kenako sonkhanitsani umboni. Jambulani mauthenga akale aja kuti masiku ake azioneka. Jambulaninso malo odontha mvula ikugwa, chifukwa siling'i ikauma mwininyumba angathe kunena kuti ndi banga lakale. Zungulizani bangalo ndi pensulo, mulembe tsiku pambali, ndipo mulizungulizenso pakatha sabata. Mizere iwiriyo imasonyeza poyera kuti vuto likukula. Ngati mwatchera ndowa, lembani kukula kwake ndi nthawi imene imatenga kuti idzaze.

Kalatayo ikhale yaifupi, ndipo inene za vuto limodzi lokha. Mukaonjezapo za mpopi, za geti ndi za utoto, amasankha chotchipa n'kusiya denga. Mwachitsanzo:

"Bambo, ndinakudziwitsani pa 3, pa 11 ndi pa 20 Januwale kuti denga la chipinda chogona likudontha pafupi ndi zenera. Ndowa ya malita 10 ikudzaza usiku umodzi, ndipo banga la pasiling'i lakula kuchoka pa masentimita 30 kufika pa 55. Zithunzi ndi izi. Ndikupempha kuti mmisiri adzakonze pofika pa 30 Januwale. Ndimapezeka Lachitatu masana ndi Loweruka lonse. Ngati zikuvutani panopa, ndiloleni mochita kulemba kuti ndipeze mmisiri ndekha, ndalama zake tidzachotsere pa lendi ya mwezi wamawa. Zikomo."

Onani kuti mulibe mawu oopseza, ndiponso mulibe kupepesa. Simukupempha chifundo, mukukumbutsa udindo. Chiganizo chonena zopeza mmisiri nokhacho n'chofunika kwambiri: eni nyumba ena amakhala chete chifukwa alibe ndalama pa nthawiyo ndipo akuchita manyazi kunena. Mukawatsegulira njira ina, kuyankha kumapepuka. Muwasonyezenso kuti kuchedwa kukuwaluzitsa iwo omwe. Lero mwina ndi lata limodzi kapena misomali yomasuka, koma madzi akapitiriza kulowa amawoletsa matabwa a denga, siling'i imafufuma n'kugwa, khoma n'kuchita chuku.

Tsiku lomaliza ligwirizane ndi kukula kwa vuto. Pa denga lodontha, masiku 7 mpaka 10 ndi okwanira. Koma madzi akamadutsa pa babu, pa soketi kapena pamene pali mawaya, zimitsani magetsi a mbali imeneyo pa swichi yaikulu, muimbe foni tsiku lomwelo, ndipo mupereke maola 24 mpaka 48 basi.

Perekani kalatayo m'njira ziwiri: papepala ndi pafoni. Wolandira asaine pa kope lanu ndi kulemba tsiku. Akakana, pitani ndi mboni. Mukalankhulana pafoni iye n'kulonjeza chinachake, tumizani uthenga nthawi yomweyo: "Monga tagwirizana lero, mmisiri abwera Loweruka m'mawa." Lonjezo la pakamwa limakanidwa mosavuta.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa lendi. Mtima ukapsa amasiya kulipira, kapena amakonza okha n'kudula ndalama popanda chilolezo. Apo nkhani imatembenuka, wodandaula uja n'kukhala wangongole, ndipo mwininyumba amapeza chifukwa chomutulutsira. Malamulo pa nkhani yodula lendi amasiyana dziko ndi dziko, choncho pitirizani kulipira pa nthawi yake ndi kusunga malisiti mpaka mutapeza chilolezo cholembedwa kapena uphungu wa odziwa malamulo. Akakulolani kukonza nokha, tengani mitengo yolembedwa kwa amisiri awiri, mwininyumba avomereze umodzi ntchito isanayambe.

Tsiku lija likadutsa ali chete, lembani kalata yachiwiri tsiku lotsatira, musadikire sabata. Tchulani kalata yoyamba ndi tsiku lake, perekani masiku ena 5, ndipo nenani chimene mudzachite: kukadandaula ku ofesi yoona za nyumba kapena zaumoyo m'dera lanu, kukafunsa uphungu wa zamalamulo, kapena kupereka notisi yosamuka motsatira mgwirizano. Tchulani chokhacho chimene mudzachitedi, ndipo tsikulo likakwana mupite mutanyamula mgwirizano, makalata onse awiri, zithunzi ndi malisiti a lendi.