Musanafufute failo yoyamba

Sabata yatha ku Limbe ndinakopera kanema waukwati wa magigabaiti 30 pa diski ya kasitomala. Kukula kwa failo kunali kofanana ndendende, koma kanemayo ankaima pakati. Kukula kokha sikuonetsa kuti zamkati zafika bwino.

Kuti mutsimikize pa Windows, tsegulani pulogalamu ya PowerShell mulembe lamulo ili, moloza pomwe pali failo yoyamba:

```
Get-FileHash D:\ukwati.mp4
```

Ikupatsani mzere wa zilembo ndi manambala 64, womwe ndi SHA256, chidindo chochokera pa zamkati mwa failoyo. Mukamaliza kukopera, tulutsani diskiyo bwinobwino, muilowetsenso, kuti kompyuta iwerengedi za pa diski osati zomwe ikukumbukira. Kenako bwerezani lamulolo pa kope lija. Zimatenga mphindi zingapo, dekhani.

Chilembo chimodzi chikasiyana pa mizere iwiriyo, kopelo lawonongeka. Koperaninso, ndipo zikachitikanso sinthani chingwe kaye.