Ana ankasokoneza Lachiwiri ndi Lachitatu, ndinakonza ndi zala

Ana a m'kalasi yanga ya mkaka ankaimba masiku onse a sabata osaphonya, koma ndikafunsa kuti lero n'lachingati, ankangoyang'anana. Anali ataloweza nyimbo yonse ngati mawu amodzi aatali.

Chimene chinandithandiza n'chakuti maina a masiku athu amawerenga okha. Lolemba tinalipatsa chala chachikulu, kenako timatambasula chala chimodzichimodzi: ziwiri pa Lachiwiri, zitatu pa Lachitatu, mpaka dzanja lonse litseguke pa Lachisanu. Loweruka timawomba m'manja, Lamulungu timapinda manja. Nyimbo yake ndinaisandutsa yolandizana. Ine ndimaimba kuti "Zala zitatu", iwo n'kuyankha "Lachitatu!"

Chachiwiri, ndinasiya kuyamba pa Lolemba nthawi zonse. Nyimbo imayambira pa tsiku la lero, ndipo nthawi zina ndimaima pakati mwadala. Mwana amene wamvetsa amapitiriza yekha, pamene woloweza amabwerera poyambira. Mukatero mumadziwa msanga wofunika kukhala naye pafupi.

Miyezi ndiye inavuta kwambiri, chifukwa maina ngati Seputembala ndi Novembala sauza mwana kanthu, komanso 12 ndi yambiri kwa wa zaka zinayi. Ndinaidula itatuitatu, mwezi uliwonse ndi chinthu chimene ana amachiona: Malichi mondokwa, Juni kuzizira, Okutobala dzuwa, Disembala mvula ndi mango. Pa Juni timanjenjemera, pa Okutobala timadzikupiza. Ndime yatsopano timaiwonjezera pokhapokha yakaleyo akuitha ndikawayambira pakati.